Mmene ndinakonzera kauntala yomwe imataya mavoti

Tinali ndi ma seva atatu, A, B ndi C, iliyonse ikuwerenga mavoti payokha ngakhale netiweki itaduka. Vuto limabwera pophatikiza. A ikhala ndi 5, B ndi 3, ukatenga yaikulu upeza 5 ndiye mavoti atatu a B atayika basi, ukawonkhetsa upeza 8 koma uthenga womwewo ukabwerezanso ifika 11, ndiye ziwerengero zimangokwera popanda wovota.

Chinathetsa nkhaniyi ndi G-Counter, mtundu wa CRDT, kasungidwe ka deta komwe seva iliyonse imasintha payokha koma zikaphatikizana sizisemphana. Seva iliyonse imasunga mndandanda wa ziwerengero za ma seva onse, koma imangowonjezera pa malo ake okha, osakhudza a inzake. Zikakumana, pa malo alionse mumatenga nambala yaikulu, kenako mumawonkhetsa zonse.

```
merge[i] = max(a[i], b[i])
total = sum(merge)
```

A ili ndi [5,0,0], B ili ndi [0,3,0], zikaphatikizana ndi [5,3,0], yankho 8. Mubwereze kakhumi, mayankho ndi 8 yemweyo, chifukwa max ya 5 ndi 5 ndi 5. Kaya C ilandira kaye uthenga wa B kenako wa A, zonse zimathera pamodzi, palibe bwana wapakati woti afunsidwe.

Chenjezo ndi ili, kauntala iyi sichotsera. Mukafuna kuchotsa pamafunika ziwiri, ina yowonjezera ina yochotsera (PN-Counter). Komanso seva iliyonse ikhale ndi ID yakeyake, ziwiri zikangogawana imodzi max imameza mavoti ena mwakachetechete.