Momwe mungawonkhetsere mitengo pa invoisi kuti VAT isakusokonezeni

Pali njira ziwiri zopezera ndalama yonse pa invoisi kapena kotesheni. Yoyamba ndi kuika VAT pa mtengo wa chinthu chilichonse kenako n'kuwonkhetsa mizere yonse. Yachiwiri ndi kuwonkhetsa mitengo yopanda msonkho, VAT n'kuiika kamodzi kokha pansi. Pa masamu a kusukulu njira ziwirizi zimapereka yankho limodzi, koma pa pepala la malonda nthawi zambiri zimasiyana, ndipo chimene chimazisiyanitsa ndi matambala amene timadula kuti mtengo uoneke wathunthu. Ine ndimagulitsa zipangizo za hadiweya kwa akalipentala a ku Mchesi ndi makontilakita angapo a ku Kanengo, ndipo ndikalemba invoisi ya kampani ndimatsata njira yachiwiri. M'chitsanzochi ndawerengera VAT pa 16.5 peresenti, mlingo umene tinauzolowera kwa zaka zambiri. Inu muike mlingo umene MRA ikugwiritsa ntchito pa tsiku limene mukulemba, njira yake sisintha.

Choyamba, dziwani ngati mtengo umene muli nawo uli kale ndi VAT kapena ayi. Mukagula ku mashopu a ku Malangalanga funsani mwachindunji kuti, "Bwana, mtengowu VAT ilimo?" ndipo muone pa lisiti. Alipo ena amene amakuuzani mitengo iwiri, wa lisiti ndi wopanda lisiti. Wopanda lisitiwo umaoneka wotsika, koma ngati munalembetsa VAT simungathe kubweza msonkho umene mulibe pepala lake. Ena amalemba VAT pa lisiti ya pamanja chonsecho sanalembetse n'komwe ku MRA. Amenewo ndalamayo amangoika m'thumba, choncho onani ngati pali TPIN ndi lisiti yochokera m'makina ovomerezeka.

Chachiwiri, lembani mzere uliwonse ndi mtengo wopanda msonkho. Tinene kuti kontilakita waoda mabawuti 2,000 pa K185 limodzi, mahinjesi 600 pa K730, ndi zitini za guluu 45 pa K3,150. Mabawuti akwana K370,000, mahinjesi K438,000, guluu K141,750. Zonse pamodzi ndi K949,750. VAT yake ndi K156,708.75, ndipo ndalama yolipira ndi K1,106,458.75. Basi, mwamaliza, ndipo ngati pali podula matambala ndi pano pokha.

Tsopano tiyese njira inayo pa katundu yemweyo, chifukwa apa ndi pamene invoisi yanga ina inabwezedwa ndi a maakaunti a kampani ina, malipiro n'kuima mpaka nditalembanso. Bawuti limodzi la K185 likakhala ndi VAT limafika K215.525. Palibe amene amalemba mtengo wotere, ndiye dzanja limangolemba K216. Kusiyana kwake sikukwana ndi theka la kwacha, n'chifukwa chake munthu sakuona. Koma mabawutiwo alipo 2,000, ndiye kakang'onoko kachulukitsidwa ka 2,000. Mzere wa mabawuti ukukhala K432,000 m'malo mwa K431,050, mwaonjezera K950 osadziwa. Pa mahinjesi zikutembenuka: K850.45 mwaidula kukhala K850, mzerewo ndi K510,000 m'malo mwa K510,270, ndiye apa mwadzidyera nokha K270. Guluu wa K3,669.75 mwamukweza kukhala K3,670, kusiyana kwake K11.25 yokha chifukwa zitini n'zochepa. Mukawonkhetsa mupeza K1,107,150, yomwe yaposa ija ndi K691.25.

K691 si ndalama yoti munthu n'kudandaula nayo masiku ano. Vuto lenileni ndi lakuti pepalalo limadzitsutsa lokha. Wa maakaunti sawonkhetsa mizere yanu, amatenga ndalama yopanda msonkho imene ili pa oda yawo, K949,750, n'kuchulukitsa ndi 1.165, kutanthauza mtengo wonse kuphatikiza 16.5 peresenti ya VAT. Ikapanda kufanana ndi ya pansi pa invoisi yanu sangaipititse kwa bwana wake kuti asaine, ndipo ine sindimuimba mlandu. Komanso ngati mwalandiradi K1,107,150, VAT imene ili m'kati mwake ndi K156,806.65, osati K156,708.75 ija, ndiye mabuku anu ndi lisiti ya makina zimayamba kusiyana mwezi ndi mwezi.

Onani bwino kumene kusiyanako kwachokera. Katundu wodula wochepa savuta. Amene amavuta ndi katundu wotchipa wochuluka, monga mabawuti, mawashala ndi zomangira waya. Ngakhale mutasunga matambala n'kulemba K215.53, mabawuti 2,000 akhala K431,060, kusiyana kwa K10 kudakalipo. Choncho mukaona kuti manambala awiri asiyana pang'ono, pitani msanga pa mzere umene uli ndi katundu wambiri, vuto mulipeza pamenepo. Koma akasiyana ndi ndalama yaikulu, pafupifupi 16.5 peresenti ya mzere wina, si matambala amenewo, pali chinthu chimene chaikidwa VAT kawiri chifukwa mtengo wake unali nayo kale.

Amene mumalemba pa Excel samalani ndi chinthu chimodzi. Mukabisa manambala a kutsogolo kwa kadontho, bokosi limaonetsa 216 koma m'kati likusungabe 215.525. Kompyuta imawerengera za m'katizo, pomwe kasitomala ndi kakyuleta yake akuwerengera zimene akuona pa pepala, ndiye mumakangana nonse muli olondola. Ine mizere ndimaisiya yopanda msonkho, VAT ndimaipeza m'bokosi limodzi motere:

```
=ROUND(SUM(D2:D4)*0.165,2)
```

Chachitatu, ngati mumagulitsa pa kauntala, pomwe mtengo wolembedwa pa shelefu ndi umene munthu amalipira, njira yoyamba ija ndi yoyenera. Munthu amene waona K216 alipire K216, musamuonjezere kanthu pa thilu. Chofunika ndi chakuti mtengo wokhala ndi VAT ndiwo ukhale weniweni, ndipo msonkho muuchotse kamodzi pa ndalama yonse. Pochotsapo gawani ndi 1.165, musachotsere 16.5 peresenti pa ndalama yonseyo. Mu K116,500 muli VAT ya K16,500, koma wotenga 16.5 peresenti ya K116,500 apeza K19,222.50, zomwe n'zolakwika. Njira yachiduleyi ndimaiona kwambiri pa makotesheni amene anthu amanditumizira.

Zotsalazi n'zachidule. Ngati pa invoisi imodzi pali katundu wa VAT ndi wina wopanda VAT, monga matumba a chimanga, muwonkhetse magulu awiriwo padera ndipo msonkho ugwere gulu loyamba lokha. Kuchotsera mtengo kuchitike VAT isanaikidwe. Kotesheni, oda ndi invoisi zitsate njira imodzi, ndipo pamwamba pa mzere wa mitengo lembani poyera ngati VAT ilimo kapena mulibe. Musanatumize, tengani ndalama yopanda msonkho, muchulukitse pa foni ndi 1.165 kapena nambala yogwirizana ndi mlingo wa tsikulo, muone ngati ikufanana ndi ya pansi mpaka tambala.