Mmene ndinapezera pamene seva yathu imayambira kuchedwa

Seva yathu yolandira maoda inkachedwa masana alionse, koma mayeso anga oyamba ankaonetsa kuti zonse zili bwino, chifukwa ndinkangoyang'ana avereji ya nthawi yoyankhira. Ndinalakwanso pogwiritsa ntchito chida chimene chimadikira yankho chisanatumize pempho lina, motero seva ikachedwa nachonso chinkachepetsa katundu.

Ndinasinthira ku vegeta, imene imatumiza mapempho pa liwiro lokhazikika:

```
vegeta attack -targets=t.txt -rate=200 -duration=120s | vegeta report
```

Ndinayambira pa mapempho 50 pa sekondi, n'kumawonjezera 50 ulendo uliwonse, maso ali pa p99, nthawi imene mapempho 99 mwa 100 alionse sapitirira. Mpaka pa 300 inali pafupifupi mamilisekondi 90, pa 350 inafika 240, ndipo pa 400 inapyola masekondi awiri, ngakhale purosesa inali isanafike ndi theka lomwe.

Zimenezi zinandisonyeza kuti mapempho akuima pamzere penapake. Tinali ndi njira 20 zokha zolumikizira kudatabesi, ndipo pempho lililonse linkagwira njira imodzi kwa mamilisekondi 50, kutanthauza kuti malire anali 400 pa sekondi. Nditaika indekisi pa tebulo la maoda, nthawiyo inatsika kufika pa mamilisekondi 20, ndipo kuchedwa kunayamba kuonekera titadutsa 800.