Imelo yoyamba kwa mnzanu wa kuntchito: tu kapena vous?

Ngati mwayamba ntchito ku France, ku Belgium kapena ku Geneva, ndipo mukulembera koyamba munthu amene simunayankhulanepo naye, lembani vous, amene ndi inu wa Chifalansa, osati tu, amene ndi iwe. Anthu ambiri amazunguzika nazo, koma kulakwa kwa mbali ziwirizi sikufanana kulemera. Mukalemba vous kwa munthu amene amayembekeza tu, amangomwetulira n'kukuuzani kuti mumasuke. Mukalemba tu kwa amene amayembekeza vous, sakuuzani kanthu, amangosunga mumtima kuti mwamuzolowera msanga, ndipo inu mungadzazindikire patapita miyezi.

Ife Amalawi tili ndi mwayi pankhaniyi, chifukwa khutu lathu linazolowera kale kusiyanitsa iwe ndi inu. Koma mwayi womwewo uli ndi msampha wake. Kwathu ulemu umayenda mbali imodzi: agogo amati iwe, mdzukulu amati inu, ndipo zimakhala choncho moyo wonse. Pa ntchito ya Chifalansa, anthu awiri kawirikawiri amagwiritsa mawu amodzimodzi. Mukakhala pa vous muli nonse awiri, mukasamukira ku tu mumasamuka nonse awiri, ngakhale winayo akhale wamkulu kwa inu ndi zaka makumi awiri. Apa ndi pamene timapunthwa kwambiri, osati pa imelo yoyambayo.

Tiyerekeze kuti mwalembedwa ntchito ku ofesi yowerengera ndalama pa kampani ina ku Lyon. Bwana wakuuzani kuti mulembere mayi wina wa dipatimenti ina, dzina lake loyamba Claire, akutumizireni malisiti a mwezi watha. Simunamuonepo, msinkhu wake simuudziwa, udindo wake ndi wofanana ndi wanu. Musanalembe, fufuzani m'bokosi lanu la maimelo ngati iye anakulemberanipo, inu nokha. Ngati anatero ndi tu, yankhani ndi tu, nkhani yatha. Koma samalani ndi maimelo opita kwa gulu, oyamba ndi Bonjour à tous. Vous wa mmenemo ndi wa anthu ambiri, sakukuuzani chilichonse cha mmene wolembayo angayankhulire ndi munthu mmodzi. Komanso kuona anthu akuuzana tu m'maimelo amene mwangopatsidwako kope sikukupatsani chilolezo panobe: iwo adyera limodzi nkhomaliro zaka zambiri, inu mwabwera Lolemba.

Pakapanda chizindikiro chilichonse, njira yapakati imene imagwira bwino ndi kutchula dzina loyamba koma kusunga vous:

Bonjour Claire,
Je viens de rejoindre le service comptabilité. Pourriez-vous m'envoyer les factures du mois dernier ? N'hésitez pas à me dire si vous avez besoin d'autres informations.
Merci d'avance,
Bien cordialement,

Mwamupatsa moni, mwanena kuti mwangolowa kumene m'gawo lowerengera ndalama, mwapempha malisiti, mwathokozeratu. Dzina loyambalo likunena kuti ndinu a nyumba imodzi, vous akunena kuti simunadziwane. Onaninso pourriez-vous: ndi wofewa kuposa pouvez-vous, monga momwe "mungandithandizeko" amafewera kuposa "ndithandizeni". Mukanakhala kuti mukulembera mkulu wa kampani kapena kasitomala, mukanayamba ndi Bonjour Madame kapena Bonjour Monsieur. Mademoiselle musiyeni, ngakhale mayiyo akhale wachitsikana. Boma la France linalamula mu 2012 kuti mawuwa achotsedwe pa mafomu ake, ndipo kuntchito ambiri amawamva ngati kufufuza za banja la munthu. Salut nayenso si wa imelo yoyamba, amayenda ndi tu.

Tsopano yankho labwera, ndipo ndi pano pofunika maso. Likhoza kubwera m'njira zitatu. Akayankha ndi vous, pitirizani ndi vous, osadandaula kuti sanakukondeni. Akalemba kuti On peut se tutoyer kapena Tu peux me tutoyer, wakuitanani poyera, ndipo imelo yanu yotsatira ikhale ya tu. Njira yachitatu ndi imene imasokoneza: sananene kanthu za nkhaniyi, wangolemba kuti Salut, voici les factures, dis-moi si tu as besoin d'autre chose. Kwa mnzanu wa udindo wofanana, uku ndi kuitana ndithu, bwezani tu. Akakhala mkulu wa pamwamba kwenikweni amene wachita zimenezi, mukhoza kusunga vous kamodzi kenanso, kawirikawiri adzakuuzani yekha kuti musiye.

Mmalawi woleredwa bwino amamva kuwawa kuuza mayi wa msinkhu wa amayi ake kuti tu. Lilime limakana, chala chimakananso. Choncho amapitiriza vous, poganiza kuti akulemekeza. Koma winayo sakumva ulemu. Akumva kuti watambasula dzanja ndipo inu mwabisa lanu kumbuyo. Choipa kuposa pamenepo ndi kubwerera: mwakhala pa tu sabata ziwiri, kenako tsiku lina mwalemba vous chifukwa mwaiwala. Kwa Mfalansa, kubwerera ku vous kumamveka ngati mwakwiya kapena mukuika malire, ndipo angakufunseni chimene walakwa. Nanga kuyambitsa tu inuyo? Mwambo wake ndi woti amayambitsa ndi wamkulu, kaya pa msinkhu, pa udindo kapena pa kukhalitsa pantchitopo. Watsopano amadikira. Ngati mwacheza kale pa khofi ndipo zikuoneka kuti nonse mukungozengereza, kufunsa kuti On se tutoie ? sikulakwa, koma n'kosavuta pakamwa kusiyana ndi pa imelo.

Pali malo amene lamulo loyamba lija limafooka. M'makampani ang'onoang'ono a zamakompyuta, ndi m'mabungwe ambiri othandiza anthu, tu amayamba tsiku loyamba, mpaka kwa bwana. Ena amakuuziranitu pokulandirani kuti Ici, tout le monde se tutoie, ndipo akatero akhulupirireni. Ku Quebec tu amabwera msanga kuposa ku France. M'mabanki, m'maofesi a boma ndi kwa maloya, vous amakhalitsa. Amene mukugwira ntchito ku Lubumbashi, ku Abidjan kapena ku Dakar mudzapeza kuti polembera akuluakulu udindo umatchulidwa, Monsieur le Directeur, ndipo pamenepo chizolowezi chathu cha kumudzi chimakuthandizani kwambiri. Njira yachidule kulikonse ndi kufunsa amene wakulandirani pantchito, funso limodzi lokha: On se tutoie ou on se vouvoie, ici ?

Musanatumize, werenganinso imeloyo pofuna chinthu chimodzi: kusakaniza. Kusankha vous sikuthera pa liwu limodzilo, kumakoka ena onse. Ndi votre ndi vos, osati ton, ta, tes. Ndi s'il vous plaît, osati s'il te plaît. Pobisalira kwambiri ndi pa mawu olamula, chifukwa tu kapena vous salembedwa pamenepo: dites-moi ndi n'hésitez pas ndi a vous, dis-moi ndi n'hésite pas ndi a tu. Anthu amene amakopera ziganizo m'maimelo a anzawo amagwa apa, pamwamba pourriez-vous, pansi merci pour ton aide. Ndipo ngakhale mneni amatenga mawonekedwe a anthu ambiri, munthuyo amakhalabe mmodzi: kwa Claire mudzalemba si vous êtes disponible, popanda s kumapeto kwa disponible.