Perekani dzina ku waya uliwonse musanadzaze tebulo

Pa chithunzi cha mageti a lojiki, musathamangire yankho lomaliza. Waya wotuluka pa geti iliyonse mupatseni chilembo ndi danga lake m'tebulo la zolowa ndi zotuluka.

Tinene kuti A ndi B akulowa mu AND, wotuluka timutche X. C akudutsa mu NOT, wotuluka timutche Y. X ndi Y akumana mu OR kupereka Q. Zolowa zitatu zifuna mizere 8, kuyambira 000 mpaka 111. Dzazani danga lonse la X, kenako la Y, Q pomaliza. Pa mzere wa 101, pamene A ndi 1, B ndi 0, C ndi 1, X ndi 0, Y ndi 0, choncho Q ndi 0. Mukalakwitsa, mumaona msanga geti yomwe yakusokonezani. Samalaninso kabwalo kakang'ono kumapeto a geti, kamatembenuza yankho.