Imelo yaitali yomwe inangogona sabata yathunthu

Ndinatumiza kwa abwana athu a zachuma mndandanda wa maimelo 23 okhudza kugula matebulo a mu ofesi, pamwamba nditangolemba kuti "Onani m'munsimu." Sabata inatha ali chete. Nditawafunsa anandiyankha kuti, "Achimwene, ndawerenga theka koma sindikuona chimene mukufuna kwa ine." Sanalakwe, chifukwa mtengo unasintha kawiri mkati mwa zokambiranazo, ndipo wotsiriza unabisala mu imelo ya nambala 19.

Ndinatumizanso. Pamutu ndinafufuta "Fwd: Re: Re:" n'kulemba "Chilolezo chanu chikufunika pofika Lachinayi". Mzere woyamba unali pempho lenilenilo: avomereze kulipira wogulitsa wachiwiri. Kenako ziganizo zitatu zokha: zimene tinagwirizana, mtengo wotsiriza ndi tsiku la imelo imene uli, komanso chotsala, chomwe chinali ndalama yonyamulira katundu.

Ndisanatumize ndinawerenganso zakalezo, ndipo ndinapeza mnzanga wina akudandaula za wogulitsa mosasankha mawu. Ndinachotsa ndimeyo n'kunena pamwamba kuti ndadulako. Ndinaonanso kuti kotesheni yatsopano sinapite nawo, poti munthu ukadina Forward zimapita ndi zomata za imelo imene watsegulayo basi. Ndinaimatanso ndekha.

Anavomereza masana omwewo.