Momwe mungakonzere invoisi ya mwezi ndi mwezi kasitomala akayambira pakati pa mwezi

Munthu akalowa m'nyumba ya lendi pa 17, kapena akalembetsa intaneti mwezi utapita kale, sayenera kulipira mwezi wathunthu, komanso inu simuyenera kumupatsa masikuwo kwaulere. Njira yabwino ndi kulemba invoisi yoyamba payokha, yowerengera masiku otsala okha, kenako n'kukhazikitsa invoisi yobwerezabwereza yoyambira pa 1 mwezi wotsatira. Masamu ake ndi osavuta, koma mikangano yambiri imabuka chifukwa cha tsiku limodzi lomwe wina waliwerenga pomwe mnzake sanaliwerenge.

Musanagwire kakyuleta, yambani mwagwirizana ndi kasitomalayo zinthu ziwiri ndipo muzilembe mu mgwirizano wanu. Choyamba ndi tsiku lomwe kulipira kukuyambira. Pa lendi, ndi bwino kutchula tsiku lomwe munthuyo ali ndi ufulu wolowa m'nyumba, chifukwa ena amalandira makiyi lero koma n'kudzasamutsa katundu patatha sabata, ndipo pambuyo pake amafuna kuti muyambire tsiku lomwe anagona m'nyumbamo koyamba. Chachiwiri ndi kawerengedwe ka masiku a mwezi, ndipo apa m'pofunika kufatsa.

Tiyerekeze kuti lendi ndi 93,000 pamwezi ndipo munthu wayamba pa 17 Malichi. Mwezi wa Malichi uli ndi masiku 31, choncho tsiku limodzi mtengo wake ndi 93,000 kugawa ndi 31, zomwe zikutipatsa 3,000. Tsopano werengani masiku omwe akhale m'nyumbamo. Ambiri amangochotsa 17 pa 31 n'kupeza 14, koma akatero amakhala ataiwala tsiku la 17 lenilenilo. Mukawerenga ndi zala kuyambira pa 17 mpaka pa 31, mupeza masiku 15. Lamulo lake ndi lakuti muchotse tsiku loyambira pa masiku onse a mwezi, kenako muwonjezerepo limodzi. Masiku 15 kuchulukitsa ndi 3,000 akutipatsa 45,000, ndipo imeneyi ndiyo ndalama ya pa invoisi yoyamba. Woiwala tsiku limodzi lija alemba 42,000 ndipo ataya 3,000 osazindikira n'komwe.

Pali ena omwe amatenga mwezi uliwonse ngati wa masiku 30, n'cholinga choti mtengo wa tsiku usamasinthesinthe. Mwa njira imeneyi tsiku limodzi limakhala 3,100. Vuto limabwera m'miyezi ya masiku 31, chifukwa wina achulukitsa 3,100 ndi masiku enieni 15 n'kupeza 46,500, pomwe wina anena kuti mweziwo ukuthera pa 30, awerenga masiku 14 n'kupeza 43,400. Nyumba ndi yomweyo, tsiku lolowa ndi lomwelo, koma mayankho afika atatu. Ine ndimakonda kugwiritsa ntchito masiku enieni a mwezi, chifukwa kasitomala akatenga kalendala amatha kutsimikiza yekha, ndiponso munthu woyamba pa 1 amalipira ndendende lendi ya mwezi wonse. Mukasankha njira ya masiku 30 palibe cholakwika, bola ilembedwe mu mgwirizano ndipo igwire ntchito kwa makasitomala onse mofanana.

Chitsanzo cha Malichi chagawika bwino chifukwa ndinasankha dala nambala yotero. Nthawi zambiri pamatsala zidutswa. Munthu yemweyo akanayamba pa 10 Febuluwale m'chaka chomwe mweziwo uli ndi masiku 28, akanakhala masiku 19. Mukayamba mwapeza mtengo wa tsiku n'kuudula kukhala 3,321, mupeza 63,099. Mukachulukitsa kaye 93,000 ndi 19 n'kugawa ndi 28 pamapeto, mupeza 63,107.14. Kusiyanaku n'kochepa, koma n'kokwanira kuti zomwe mwalemba pamanja zisemphane ndi zomwe pulogalamu yanu yatulutsa. Choncho chulukitsani kaye, gawani pambuyo, ndipo zidutswa muzidule kamodzi kokha kumapeto.

Ngati mumagwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets, ikani lendi ya mwezi mu B1 ndi deti loyambira mu B2, kenako lembani izi:

```
=ROUND(B1*(EOMONTH(B2,0)-B2+1)/DAY(EOMONTH(B2,0)),2)
```

Mawu akuti EOMONTH amapeza tsiku lomaliza la mwezi, motero Febuluwale wa masiku 29 amawerengedwa molondola popanda inu kuchitapo kanthu. Mukaona uthenga wa #VALUE! m'malo mwa nambala, kawirikawiri ndiye kuti deti la mu B2 lalowa ngati mawu wamba.

Mukapeza ndalamayo, lembani invoisi yoyamba ngati invoisi ya kamodzi kokha. Pamzere wofotokoza musangolemba kuti "lendi ya Malichi". Lembani kuti ndi lendi ya kuyambira pa 17 mpaka pa 31 Malichi, masiku 15 mwa masiku 31, pa lendi ya 93,000 pamwezi. Mzere umenewu udzakuthandizani miyezi ikadzapita, inu nonse mutaiwala chifukwa chomwe ndalama yoyamba inali yocheperako. Ngati pali dipoziti, ikhale pamzere wakewake ndipo isagawidwe m'masiku, chifukwa si malipiro a nthawi yomwe munthu wakhala m'nyumba.

Kenako khazikitsani invoisi yobwerezabwereza. Ikhale ya 93,000 yathunthu, yotuluka kamodzi pamwezi, ndipo yoyamba ikhale ya pa 1 Epulo. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa, chifukwa pulogalamu ikafunsa tsiku loyambira, dzanja limathamangira kulemba 17 Malichi poti ndilo tsiku lomwe kasitomala anayamba. Zikatero pulogalamuyo itulutsa invoisi yathunthu pa 17 Malichi pamwamba pa ya 45,000 ija, ndipo ipitiriza kutulutsa pa 17 mwezi uliwonse. Mungazindikire vutoli poona tsiku la invoisi yotsatira musanasunge. Likasonyeza deti lina losakhala 1 Epulo, bwererani mukakonze. Mapulogalamu ena amawerengera okha masiku otsala, ndipo ngati yanu imatero, musalembenso invoisi yoyamba pamanja, koma yerekezani ndalama yomwe yapeza ndi yanu kuti mudziwe kawerengedwe komwe ikutsatira.

Onetsetsaninso kuti invoisi iliyonse ikutuluka ndi nambala yakeyake ndipo ikutchula mwezi womwe ikulipiritsa. Ma invoisi khumi ndi awiri ofanana, onse olembedwa kuti "lendi", amasokoneza kwambiri tsiku lomwe kasitomala adzanene kuti analipira kale mwezi womwe inu mukuti sanalipire. Ngati mgwirizano uli ndi tsiku lothera, liikeni mu pulogalamu pomwepo, kuti ma invoisi asadzapitirire kupita kwa munthu yemwe anasamuka kale.

Wina angafunse kuti bwanji osangolipiritsa kuyambira pa 17 mpaka pa 16 mwezi wotsatira, n'kupewa masamu onsewa. Zimenezi n'zotheka, ndipo kwa munthu wokhala ndi kasitomala mmodzi kapena awiri n'zosavuta. Makasitomala akachuluka, aliyense amakhala ndi tsiku lake lolipira, ndipo kulondola omwe achedwa kumakhala ntchito ya tsiku ndi tsiku. Palinso vuto la woyamba pa 31, chifukwa Epulo, Juni, Seputembala ndi Novembala alibe detilo, ndipo Febuluwale safika n'komwe pa 30.

Kasitomala akamachoka pakati pa mwezi, kawerengedwe ndi komweko ngati mgwirizano wanu ukulola kulipira masiku okhawo omwe wakhala. Wochoka pa 12 Juni amakhala atagwiritsa ntchito masiku 12 mwa 30, zomwe zikukwana 37,200. Ngati invoisi ya 93,000 inatuluka kale pa 1 Juni, musaifufute kapena kusintha ndalama yake. Lembani chikalata china chochotsera 55,800, chotchula nambala ya invoisi ya Juni ija, ndipo tsiku lomwelo muimitse invoisi yobwerezabwereza kuti ya Julayi isatuluke.