Chifukwa chake mawu a mbira ankamveka ngati ali m'chitini

Pojambula gulu loimba mbira, chida chofanana ndi kalimba, ku Mbare kuno ku Harare, hosho, zomwe ndi maseche oimbira limodzi ndi mbira, zinkatuluka zosamveka bwino, ndipo nyimbo ikamatha pankamveka kaphokoso ka "sss". Kusintha maikolofoni ndi zingwe sikunathandize.

Vuto linali mu Audacity, pulogalamu yojambulira mawu pa kompyuta: chojambulira chinatsala pa 16000 Hz ndi 16-bit, zomwe tinaika pojambula ulaliki. Nambala ya 16000 Hz, yomwe ndi kuchuluka kwa timagawo ta mawu tojambulidwa pa sekondi imodzi, imasunga mawu ofika theka lake lokha, 8000 Hz. Kwa munthu wolankhula nzokwanira, koma kuthwanima kwa hosho kumakwera kuposa pamenepo, ndiye kumadulidwa. Kukweza nambalayi mutajambula kale sikubweza kanthu, choncho tinajambulanso.

Tinaika 48000 Hz (44100 Hz ikanakwananso pakanapanda vidiyo) ndi 24-bit. 24-bit, yomwe imasunga kagawo kalikonse ka mawu mwatsatanetsatane kuposa 16-bit, ndiyo inatilola kutsitsa mphamvu ya maikolofoni kuti mawu okwera kwambiri azifika -12 dB, pansi pa malire pomwe mawu amasweka. Kale tinkajambula motsitsa kwambiri poopa kusweka kwa mawu, kenako pokweza, phokoso linkakwera nawo.

Mtengo wake ndi malo osungira: mphindi imodzi ya sitiriyo imadya pafupifupi 17 MB, pamene ulaliki wa mono pa 16000 Hz sufika 2 MB.